ROE yakwera, koma kodi bizinesi ili bwino?

"Ndikuphunzira akawunti ndipo mayeso a ICAM ayandikira. Pa pepala lina lakale ROE ya kampani inakwera, ine ndinalemba kuti yachita bwino, koma aphunzitsi anandichonga kuti ndalakwa. Akuti ndiiphwanye patatu. Ndiyambire pati?"

Chemwali, aphunzitsi anuwo sanakulakwireni. ROE ndi phindu kugawa ndi mpamba wa eni bizinesi. Choncho imakwera phindu likakula, komanso imakwera mpamba ukachepa. Nambala imodziyo siingakuuzeni chimene chachitika pa ziwirizi. N'chifukwa chake pali njira ya DuPont, dzina la kampani ya ku America kumene Donaldson Brown anayambitsa njirayi zaka zoposa 100 zapitazo:

```
ROE = (phindu / zogulitsa) × (zogulitsa / katundu) × (katundu / mpamba)
```

Gawo loyamba likufunsa kuti pa K100 iliyonse yolowa mu kabati, zotsala ndi zingati mukalipira zonse. Lachiwiri likufunsa kuti katundu wazungulira kangati pa chaka. Katundu pano si za pa shelefu zokha ayi, ndi chuma chonse: galimoto, nyumba, ndalama za kubanki, ngakhale zimene anthu anatenga pa ngongole. Lachitatu likuonetsa kuchuluka kwa chuma chimene chaimikidwa ndi ndalama za anthu ena.

Tiyerekeze sitolo yogulitsa feteleza ndi mbewu. Chaka choyamba yagulitsa za K200 miliyoni, phindu K20 miliyoni, katundu K100 miliyoni, mpamba K80 miliyoni. Phindu pa zogulitsa ndi 10 peresenti, katundu wazungulira kawiri, ndipo katundu pa mpamba ndi 1.25. Mukachulukitsa, ROE ndi 25 peresenti.

Chaka chachiwiri yagulitsa za K240 miliyoni, phindu K18 miliyoni, katundu K150 miliyoni, mpamba K60 miliyoni. ROE yafika 30 peresenti, ndipo apa m'pamene inu munaombera m'manja. Koma taonani. Phindu pa zogulitsa latsika kufika 7.5 peresenti. Kuzungulira kwatsika kufika 1.6. Chokwera ndi gawo lachitatu lokha, kuchoka pa 1.25 kufika 2.5.

Kuti muone kulemera kwa nkhaniyi, sinthani chinthu chimodzi chimodzi. Tengani 7.5 ndi 1.6 za chaka chino, muchulukitse ndi 1.25 ya chaka chatha. Mupeza 15 peresenti. Ndiye kuti malonda enieniwo anagwetsa ROE kuchoka pa 25 kufika 15, kenako ngongole n'kuikankha kufika 30. Mzere umenewu ndi umene wochonga amaufunafuna, ndipo ophunzira ambiri amaudumpha chifukwa chothamangira funso lotsatira.

Musaimire pa manambala. Fotokozani chimene chingakhale kuseri kwake. Ngongole za sitoloyi zachoka pa K20 miliyoni kufika K90 miliyoni. Mpamba unayenera kufika K98 miliyoni phindu litawonjezeredwa, koma uli pa 60, kutanthauza kuti K38 miliyoni yatuluka. Mwina bwana anatapa n'kukamangira nyumba. Kuzungulira kukatsika, kaoneni mzere wa sitoko ndi wa angongole. Mwina matumba a feteleza angounjikana m'nyumba yosungiramo dzinja litadutsa, kapena alimi anatenga pa ngongole ndipo sanabwezebe.

Pali msampha wina umene umakola ngakhale ogwira kale ntchito. Magawo atatuwa sayenda payekhapayekha. Chiwongoladzanja cha ngongole chimachotsedwa tisanafike pa phindu, ndiye ngongole yomwe yakweza gawo lachitatu ndi yomwenso yadya gawo loyamba. Musafulumire kunena kuti mitengo yogulitsira inali yotsika. Yambani mwaona phindu pa zogulitsa chiwongoladzanja chisanachotsedwe. Ngati limenelo silinasinthe kwenikweni, vuto ndi banki, osati pa kauntala.

Kuno kwathu onjezeraninso za kwacha. Itagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, mitengo inakwera, ndipo zogulitsa za mabizinesi ambiri zinatupa m'makwacha. Sitolo yathu ija yakweza zogulitsa ndi 20 peresenti, koma ngati thumba linakwera mtengo kuposa pamenepo, matumba ogulitsidwa achepa. Nyumba ndi galimoto zikakhala kuti zikadali m'mabuku pa mtengo wakale, kuzungulira kumaoneka kokongola kuposa mmene kulili.

Pa mayeso, werengani ngati funso likufuna katundu ndi mpamba za kumapeto kwa chaka kapena avereji ya zaka ziwiri. Chimene mwasankhacho chikhale chomwecho m'magawo onse ndi zaka zonse. Mukamaliza chulukitsani atatuwo. Ngati sakufanana ndi phindu kugawa ndi mpamba, mwasakaniza penapake.

Poyeserera, tsitsani malipoti apachaka a kampani imodzi ya pa Malawi Stock Exchange, muchite zaka zitatu zotsatizana. Musayambe ndi banki, chifukwa ndalama zosungitsa anthu zimawerengedwa ngati ngongole, ndiye gawo lachitatu limakhala lalikulu mwachibadwa.