Moni wa tsiku loyamba kuntchito

"Abale Lolemba ndikuyamba ntchito ku ofesi ina ku Lilongwe, ambiri kumeneko ndi amsinkhu wanga. Ndikawapatse moni wa 'muli bwanji' kapena kungoti 'bho' basi? Sindikufuna ndikaoneke ngati wakumudzi komanso sindikufuna ndikaoneke wamwano."

Achemwali kayambeni ndi "muli bwanji" kwa aliyense, kuyambira mlonda wa pageti mpaka abwana, palibe amene angakusekeni chifukwa cha ulemu koma "bho" akagwera munthu wolakwika amakumbukiridwa mpaka kale. Ndipo ngakhale uli mmawa ine ndimasankha muli bwanji osati mwadzuka bwanji, chifukwa mwadzuka bwanji amakoma kwa munthu amene mumaonana naye kale, ameneyo mukayambe Lachiwiri. Kenako mudzitchule, ndine uje ndayamba lero ku akawunti, basi musachulutse.

Nkhani yayikulu ili pa "inu" ndi "iwe". Nkhope imanamiza. Kuntchito kwathu kunabwera mnyamata watsopano, anapeza bambo wina wochepa thupi atavala jinzi akufotokopa mapepala nkumuuza kuti "aise zikuyenda?" osadziwa kuti ndi amene amasaina malipiro athu tonse, bamboyo anangoyankha mofatsa kuti "ndili bwino kaya inu" ndipo ofesi yonse inangoti zii. Chizindikiro chake ndi chimenecho, mukaponya moni wachinyamata munthu nkukubwezerani wathunthu ndiye kuti mwaphonya, bwererani pa inu pompo. Mnyamata uja ndinamumvera chisoni zedi chifukwa sanali wamwano ayi, koma zinamutengera nthawi kuti amasukenso.

Dzina musalitchule lokha lokha, ikani "a" kutsogolo, a Phiri, a Banda, mayi Mwale. Ngati simunamve dzina funsani kuti "pepani ndizikutchulani ndani?" anthu amakonda funso limeneli ndipo amene amafuna dzina loyamba amanena yekha. Zoti anti, ankolo, sisi zisiyeni kaye, amayi ena sakondwa kutchedwa anti ndi munthu amene angomuona kumene.

Pa dzanja, kwa wamkulu perekani lamanja kwinaku lamanzere litagwira pamkono, ndipo ngati munakhala imirirani. Ena chifukwa cha chipembedzo sagwirana chanza ndi munthu amene si mwamuna kapena mkazi mnzawo ndiye mukaona dzanja silikubwera ingoweramani pang'ono nkupereka moni wapakamwa, musakhumudwe.

Za bho ndi shapu zibwera zokha, mwina sabata isanathe. Muzimvetsera pa lanchi mmene akuyankhulirana, mnzanu wamsinkhu wanu akayamba yekha kukuuzani kuti "iwe tiye tikagule chipisi" ndiye wakutsegulirani khomo, mubwezereni momwemo. Koma abwana akakutchulani iwe musabweze, inu pitirizani ndi inu, ndipo ngakhale mnzanu wa bho uja mukakhala pa mitingi kapena pali alendo mumutchule kuti a Banda.