Pulojekiti ya makina opukusira chimanga, ndilembe zotani mu pulopozo?

Funso: "Alangizi, ndine mwana wa mlimi, ndili chaka chomaliza ku koleji ndipo ndikufuna kupanga makina otchipa opukusira chimanga. Asupavaiza andibwezera pulopozo kawiri akuti zolinga, njira ndi zotsatira sizikumveka. Ndithandizeni."

Achimwene, pepala lanulo sindinalione koma ndikukaikira kuti munalemba kuti cholinga ndi kuthandiza alimi kupukusa mwachangu basi. Ngati ndi choncho asupavaizawo sanalakwe. Kufulumira kokha si nkhani, kumudzi kuno njira yachangu ilipo kale, kuthira chimanga m'thumba nkumamenya ndi chibonga, ndipo siilira ndalama. Vuto lake imaswa njere, ndipo njere yosweka ndi imene anankafumbwe ndi chuku amayambira. Ndiye makina anuwo akuyenera kupambana chibonga posaswa njere, ndi kupambana zala pa liwiro. Pulopozo yonse iime pamenepo.

Komanso samalani ndi mawu akuti shela. Mukapita kukafunsa alimi kuti mukufuna shela yotchipa, ambiri aganiza ya kuchigayo yokonolera mphale ija. Nenani kuti makina ochotsa chimanga ku chitsononkho.

Zolinga zikhale zitatu basi, ndipo chilichonse chikhale choti munthu angachiyeze ndi sikelo kapena wotchi. Choyamba kupanga makina opukusira ozunguliza ndi dzanja pogwiritsa zitsulo zopezeka kwa owotcherera a pa tiledingi senta, monga paipi, engolayini, maberingi awiri ndi tcheni cha njinga. Chachiwiri kuyeza makilo amene akupukusa pa ola, chimanga chotsalira ku zitsononkho ndi njere zosweka, poyerekeza ndi kupukusa ndi manja komanso kumenya m'thumba. Chachitatu kuwerengera kuti kupukusa thumba limodzi la 50 kg kukudya ndalama zingati. Zoti "kuchepetsa umphawi" zisiyeni, simungaziyeze pa semesita imodzi.

Pa njira ndi pomwe ana asukulu ambiri amagwera. Amayamba ndi kujambula makina, chonsecho choyamba ndi kuyeza chimanga chenichenicho. Tengani zimanga 50 za mtundu uliwonse muyeze kutalika ndi kunenepa kwake, kutsinde ndi kunsonga, chili ndi njere komanso mutachipukusa. Manambala amenewa ndi amene angakuuzeni mpata wa pakati pa mano ndi khoma la makina. Mpata ukachepa njere zimasweka ndipo zitsononkho zimaphwanyika nkusakanikira ndi chimanga, ukakula chimanga chimadutsa osachoka. Ndipo chimanga cha kwathu kuno sichifanana, cha makolo njere zake ndi zolimba ngati mwala pomwe cha haibulidi chambiri ndi chofewerapo, munda womwewo mbali imene feteleza anaperewera mupeza tizimanga tating'ono. Nchifukwa chake ine ndimakonda makina okhala ndi sipuling'i kapena bawuti yosinthira mpatawo. Ndinaonapo makina ena okongola zedi pa chionetsero, openta bwino, koma anawayesera chimanga chachikulu chosankha chokhachokha, titaika cha mlimi wamba theka linatuluka momwe linalowera.

Chinyezi musachiiwale. Chimanga chimapukusika bwino chikauma kufika pa 13 kapena 14 peresenti, chikakhala chachiwisi njere zimakakamira ndipo zimatudzuka, chikaumitsitsa zimathetheka. Ku labu yezani ndi mita ya chinyezi kapena ikani njere mu uvuni pa 103°C kwa maola 72, muziyeze kulemera musanaike ndi mutatulutsa. Koma mulembenso mmene mlimi angadziwire opanda mita, botolo louma, mchere wouma pang'ono ndi njere zodzaza dzanja, kukhutchumula, mchere ukamatirira m'mbali ndiye kuti sichinaume.

Tsopano tiyeni tiwerenge kuyesa kumodzi, manambalawa ndi ongoyerekeza kuti muone masamu ake. Mwaika 10 kg ya chimanga chosapukusa, mwazunguliza mphindi 6, pansi patuluka njere 7.6 kg. Kenako mutenge zitsononkho zonse mumalizitse ndi zala zimene zatsalira, tinene zakwana 0.4 kg. Njere zonse zinali 8 kg, ndiye 7.6 kugawa ndi 8 kuchulukitsa ndi 100 ikupereka 95 peresenti yopukusika. Liwiro ndi 7.6 kg pa mphindi 6, kutanthauza 76 kg pa ola. Pa zosweka tapani 200 g, yalani pa thebulo musankhe njere iliyonse yothyoka kapena yong'aluka, ikakwana 9 g ndiye 4.5 peresenti. Onaninso zogwera kutali, makina ambiri a mtunduwu amamwaza chimanga ndipo nkhuku ndi zimene zimapindula, yalani lona muyeze zimenezo pazokha.

Koma 76 kg ija musaikhulupirire kwambiri. Imeneyo ndi ya mnyamata wa mphamvu pa mphindi 6. Mupange kuyesa kwina kwa ola lathunthu, ndipo wozunguliza akhale mayi kapena bambo wachikulire, poti kumudzi ntchitoyi amagwira kwambiri ndi amayi ndi ana. Ngati chigwiriro chili pamwamba kwambiri kapena chikulimba, pakatha mphindi 20 munthu wayamba kupumira ndipo nambala yatsika. Imeneyo ndiye nambala yeniyeni yolemba.

Chinanso, musachulutse zoyesa. Mitundu iwiri ya chimanga, chinyezi mitundu itatu, liwiro mitundu itatu, chilichonse kubwereza katatu, ndi maulendo 54, pa 10 kg ulendo uliwonse ndi 540 kg ya chimanga chosapukusa, mugula ndi chani? Chotsani za liwirozo, pa makina a dzanja munthu amazunguliza momwe angathere basi. Mutsala ndi maulendo 18, chimanga 180 kg, kuphatikiza china choyesera manja ndi chibonga. Ndipo yang'anani kalendala, chimanga chosapukusa chimapezeka kuyambira Epulo mpaka cha mu Julayi, ngati kuyesa kwanu kukugwera Januwale mukuyenera kugula ndi kusunga kale, apo ayi muzayendayenda m'misika mukupeza chopukusa kale chokhachokha.

Pa zotsatira zoyembekezereka musalembe ngati mwayesa kale. Lembani malire amene mukudziikira, mwachitsanzo kupukusika kuposa 95 peresenti, zosweka zosafika 5 peresenti komanso zochepera za chibonga, liwiro loposa manja kangapo, nkunena kuti zikapanda kukwana musintha chani, mpata kapena mano. Asupavaiza amafuna aone kuti makinawo atha kulephera mayeso, osati kukhoza musanayambe.

Za mtengo werengerani zonse, zitsulo, ma rodi owotcherera, ntchito ya wowotcherera, thiransipoti, olo zitsulo zimene munatola ulere ku sikirapu muziike mtengo chifukwa wopanga makina achiwiri sadzazipeza ulere. Mitengo ya kwacha imasintha pulopozo isanasainidwe nkomwe, ndiye lembaninso mtengowo m'matumba a chimanga. Tinene makina akukwana matumba atatu, mlimi wokolola matumba 15 sangagule, alolera kukhala pansi ndi ana madzulo nkumapukusa. Koma kalabu ya anthu 10 kapena munthu wobwereketsa amene amalandira kandowa pa matumba angapo, pamenepo zikhoza kuyenda. Sankhani mmodzi mwa amenewa mumulembe pa tsamba loyamba, chifukwa ngati ndi a kalabu makinawo ayenera kukhala opepuka okwera pa kaliyala ya njinga, ndipo zimenezo zisintha zitsulo zomwe mugule.