Inshuwalansi ya paulendo pofunsira viza ya Schengen

"Ndakhala ndikupikula katundu ku Joni ndi ku Dar es Salaam, koma tsopano ndikufuna kukaona nsapato ndi zikwama ku Italy. Pa mndandanda wa zofunika pa viza alembapo inshuwalansi. Kodi ndi yotani, ndipo ndi pepala liti limene amalandira?"

Achemwali, ku South Africa ndi ku Tanzania ife Amalawi timalowa ndi pasipoti yokha, nchifukwa chake simunafunsidwepo pepalali. Italy ili m'gulu la maiko a Schengen, maiko a ku Ulaya amene amagwiritsa ntchito viza imodzi, ndipo lamulo lawo la viza, la chaka cha 2009, limanena kuti wofunsira viza ya ulendo waufupi akhale ndi inshuwalansi ya zachipatala ya ndalama zosachepera mayuro 30,000. Iyenera kulipira chithandizo chadzidzidzi, kugonekedwa m'chipatala, kukubwezani kumudzi mukadwala kwambiri, komanso kubweretsa thupi ngati imfa yagwa muli komweko. Mayuro 30,000 amenewo si ndalama zimene inu mulipire. Ndi malire a zimene kampani ikulonjeza kupereka, ndipo mtengo wanu umatengera masiku a ulendo ndi msinkhu wanu.

Chimene a ku ofesi ya kazembe amafuna kuona ndi satifiketi ya inshuwalansi imene kampani imatulutsa mukamaliza kulipira. Kotesheni saiwerengera chifukwa imangonena mtengo, lisiti yokha sinena zimene mwagula, ndipo khadi la sikimu ya zachipatala ya kuno silithandiza pokhapokha eni sikimuyo alembe kalata yotsimikiza kuti imagwiranso ntchito ku Ulaya pa mlingo wofunikawo. Pa satifiketi paoneke dzina lanu monga lilili m'pasipoti, nambala ya polise imene ndi mgwirizano wanu ndi kampaniyo, tsiku loyamba ndi lomaliza, dera limene ikugwira ntchito, kuchuluka kwa ndalama, ndi mawu onena za kubwezedwa kumudzi. Muiwerenge musanachoke pa kauntala, chifukwa chilembo chimodzi cholakwika m'dzina chikhoza kukubwezani.

Anthu ambiri amapunthwa pa masiku ndi pa dera. Tiyerekeze kuti munyamuka pa bwalo la ndege la Kamuzu pa 10 Malichi kudzera ku Addis Ababa, mufika ku Milan pa 11, mudzanyamukako usiku wa pa 20 ndi kutera ku Lilongwe pa 21. Wofuna kupulumutsa ndalama amagula ya pa 11 mpaka pa 19 powerengera usiku umene adzagone ku hotela, ndipo tsiku la pa 20 limatsala pamtunda. Ofesala akayerekeza ndi tikiti amaona msanga kuti masiku sakukwana. Ine ndingagule kuyambira pa 10 mpaka pa 23 kapena kupitirirapo, popeza ndege zimasintha ndipo ogulitsa katundu amachedwetsa munthu. Maofesi ena a akazembe amafuna kuti muwonjezere masiku 15, choncho tsatirani mndandanda wa ofesi imene mukufunsirako. Dera nalo lilembedwe kuti ndi maiko onse a Schengen kapena dziko lonse lapansi. Ya Italy yokha amaikana ngakhale mulibe maganizo okwera sitima kupita ku Germany, pakuti vizayo imakutsegulirani maiko onsewo.

Palinso nkhani ya mtundu wa ndalama. Satifiketi yolembedwa madola 30,000 ikhoza kuperewera, chifukwa kawirikawiri dola imachepa mphamvu poyerekeza ndi yuro. Yolembedwa m'makwacha ndiye yosadalirika kwenikweni: tonse tikukumbukira mmene kwacha inagwera ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, ndipo polise imene dzulo inali yokwana ikhoza kuperewera lero. Pemphani kuti alembe m'mayuro. Funsaninso ngati pali gawo limene wodwala amayamba walipira yekha kampani isanalowererepo, chifukwa maofesi ena salandira polise yotere.

Mugule kwa kampani yodziwika kapena kwa ajenti amene angakupatseni nambala ya polise yoti mukhoza kuitsimikiza nokha kwa eni ake. Mapepala a madobadoba, opangidwa pa kompyuta, akagwidwa amakanitsa viza ndipo amadetsa mbiri yanu pa maulendo amtsogolo. Ndalama ya viza, imene ndi mayuro 90 kwa munthu wamkulu kuyambira mu Juni 2024, siibwezedwa akakukanani. Ya inshuwalansi makampani ambiri amabweza mukaonetsa kalata yokukanani ulendo usanayambe, koma mufunse zimenezo musanalipire.

Akakupatsani viza yolowa kangapo, pofunsira mumaonetsa inshuwalansi ya ulendo woyamba wokha, ndipo mumasaina kuti mukudziwa zoti ulendo uliwonse wotsatira mudzagula ina. Satifiketiyo muiike m'chikwama cha m'manja pamodzi ndi pasipoti, chifukwa apolisi a pa chipata ku Milan ali ndi ufulu woifunsa. Dziwaninso kuti inshuwalansi imeneyi ndi ya thupi lanu basi. Nsapato ndi zikwama zimene mudzatumize zimafuna inshuwalansi yakeyake ya katundu, imene mumakambirana ndi okunyamulirani.