Amalume akulankhula Chichewa chosakaniza ndi Chingerezi: mawu apansi pa kanema ndiwalembe bwanji?

Funso: Akulu, ndine mayi wa ku Mufakose, kuno ku Harare. Tinajambula pa foni mwambo wovundukula chiliza cha agogo aamuna kumanda a ku Mbudzi, kanema wa mphindi 40. Amalume polankhula ankayamba Chichewa, pakatikati n'kulumphira ku Chingerezi, n'kubwereranso. Abale a ku Dedza Chingerezi sachimva, pomwe ana athu kuno Chichewa chimawadutsa. Ndayesa kulemba masabutaitulo pa laputopu, koma akuthamanga moti munthu samaliza kuwerenga, kumapeto sakugwirizananso ndi pakamwa pa amalume, ndipo dzina la Malaŵi likutuluka ndi tizilembo tachilendo. Ndalakwitsa pati?

Yankho: Achemwali, owerenga anu ndi magulu awiri, ndiye pakufunika mafayilo awiri, ina ya Chichewa chokhachokha ndi ina ya Chingerezi chokhachokha, koma nthawi zake zikhale zimodzimodzi. Ambiri amene amabwera ndi makanema otere pa benchi yanga amakhala atalemba fayilo imodzi yotembenuza: amalume akalankhula Chichewa pansi pakubwera Chingerezi, akalankhula Chingerezi pansi pakubwera Chichewa. Pa pepala zimaoneka zanzeru, koma woonera amavutika. Azakhali a ku Dedza amayamba chiganizo ndi khutu, kenako amayenera kuthamangira pansi ndi maso kuti achimalize, ndipo pomwe maso afika mawuwo apita kale. Komanso kumanda kumakhala mphepo ndi nyimbo za amayi a chigwirizano, ndiye ngakhale chilankhulo chimene munthu amachidziwa sichimveka bwino pa kasipika ka foni. Lembani zonse zimene zanenedwa m'fayilo iliyonse.

Poika nthawi ine ndimagwiritsa ntchito Subtitle Edit, pulogalamu yaulere ya pa Windows. Mukatsegula kanema, dinani pa bokosi la `Waveform` kuti mawu aoneke ngati timapiri. Pamene phiri likuyamba kukwera ndi pamene munthu watsegula pakamwa, ndipo mzere wanu uyambire pomwepo. Muchite izi mutavala mahedifoni a chingwe. A Bluetooth amachedwetsa mawu pang'ono, ndipo mukamadalira khutu mizere yanu yonse imatuluka yochedwa ndi kadontho komweko. Ndinaziphunzira nditabweza ntchito ya ukwati wathunthu.

Vuto lenileni la kanema wanu lili pamene amalume akusintha chilankhulo chiganizo chisanathe. Dzanja limafuna kudula mzere pomwepo, poti khutu lamva kusintha. Musadule. Mzere umadulidwa pamene ganizo lathera kapena pamene munthu wapuma, zilibe kanthu kuti wadutsa m'zilankhulo zingati.

Tiyerekeze kuti pa mphindi yachiwiri amalume anena kuti "Bambo athu anafika kuno ku Halale ali mnyamata," kenako osapuma n'kumaliza m'Chingerezi kuti bambowo sanadzawaonenso amayi awo. Timapiri tikusonyeza kuti ayamba pa `00:02:14,200` n'kutseka pakamwa pa `00:02:17,800`, kutanthauza masekondi 3.6. M'fayilo ya Chichewa mulemba chonchi:

```
31
00:02:14,200 --> 00:02:18,600
Bambo athu anafika ku Halale ali mnyamata,
<i>ndipo sanadzawaonenso amayi awo.</i>
```

Mungaone kuti ndachotsa liwu loti "kuno". Muyezo umene ambiri a ntchitoyi amatsata ndi woti mzere umodzi usapitirire zilembo 42, kuwerengera mipata ndi zizindikiro zomwe, ndipo mizere isapose iwiri pa nthawi imodzi. Ndi "kuno" mzere woyamba unali ndi zilembo 47, popanda ilo wakwana 42 ndendende, ndipo tanthauzo silinasunthe.

Mungaonenso kuti nthawi yotsekera siili pamene amalume anasiyira kulankhula. Mizere iwiriyo pamodzi ili ndi zilembo 74. Mukagawa 74 ndi masekondi 3.6 mupeza zilembo zopitirira 20 pa sekondi imodzi, ndipo kuthamanga kumene mukudandaula n'kumeneku. Munthu wamkulu amawerenga momasuka zilembo pafupifupi 17 pa sekondi. Mwamwayi amalume atanena za amayiwo anakhala kaye chete, mpaka pa `00:02:19,000`, ndiye ndabwereka kachidutswa ka chete ameneyo. Mawu akhala pa sikirini masekondi 4.4, ndipo 74 kugawa ndi 4.4 ikupereka 16.8. Subtitle Edit imakuwerengerani yokha nambala imeneyi ndipo imafiiritsa mzere umene wapyola muyezo. Kwa abale akumudzi, amene ena kuwerenga amachita kulondola ndi chala, ine ndimatsitsa muyezowo kufika pa 14 kapena 15. Pakasowa chete wobwereka, chepetsani mawu: "eee", "monga ndanena kale" ndi kubwereza kwa akuluakulu zichoke, koma mayina a anthu, mfunda ndi mayina a midzi musawakhudze, chifukwa n'zimene a ku Dedza akudikira kumva.

Tizizindikiro ta `<i>` ndi `</i>` timapendeketsa zilembo. Ndimatigwiritsa ntchito posonyeza gawo limene lamasuliridwa, kuti owerenga adziwe kuti apa amalume anatembenukira kwa adzukulu. M'fayilo ya Chingerezi zimakhala mosemphanitsa, poti gawo lomasuliridwa ndi loyambalo:

```
31
00:02:14,200 --> 00:02:18,600
<i>Our father came to Harare as a young man</i>
and he never saw his mother again.
```

Koma musapendeketse liwu lililonse limene linachokera kwa azungu. Amalume akati "ndinawafonera ali ku sukulu" kapena "basi inachedwa", chimenecho ndi Chichewa chathu, ndipo chilembedwe Chichewa. Kusintha chilankhulo n'kumene munthu watenga chiganizo kapena theka lake n'kulinena lonse m'Chingerezi. Ndipo poti kuno ndi ku Harare, sindikukayika kuti penapake Chishona chinalowererapo. Chimenecho mupendeketse m'mafayilo onse awiri.

Chichewa chili ndi khalidwe limodzi limene limavutitsa podula mizere. Zimene Chingerezi chanena ndi timawu tingapo, ife tazimanga m'liwu limodzi loti "sanadzawaonenso", la zilembo 15, ndipo simungalithyole pakati. Likagwera kumapeto kwa mzere, lonse litsike pansi. Musasiyenso "ndi", "ku", "wa" kapena "kuti" zili lende kumapeto kwa mzere wapamwamba pomwe liwu lake lili pansi. Manambala lembani ndi zizindikiro, "zaka 27", chifukwa mukati muwalembe m'mawu a Chichewa adya mzere wathunthu. N'chifukwa chake ndimayamba ndi fayilo ya Chichewa. Ikatha ndimaisunga ngati `chiliza.ny.srt`, kenako ndimaisunganso ngati `chiliza.en.srt` n'kumangosintha mawu okha, nthawi osazigwira.

Tsopano za kusemphana kwa kumapeto. Musanakonze chilichonse, yezani kaye malo atatu: pa mphindi yoyamba, pa mphindi 20 ndi pa mphindi 40. Ngati paliponse mawu akuchedwa ndi muyezo umodzi, tinene masekondi awiri, ndiye kuti munadula kapena kuwonjezera kanthu koyambirira kwa kanema mutalemba kale. Pitani pa `Synchronization`, musankhe `Adjust all times`, musunthe mizere yonse kamodzi. Ngati theka loyamba lili bwino kenako zonse zasokonekera mwadzidzidzi, pali chidutswa chimene chinachotsedwa pakati, ndiye musunthe mizere yoyambira pamenepo yokha.

Koma momwe mwalongosolera, ndikuganiza kuti kwanu kusemphanako kukukula pang'onopang'ono. Fayilo ya `.srt` imayendera wotchi basi, sidziwa za mafulemu, tizithunzi totsatizana timene timapanga kanema. Ndiye zikamatalikirana chonchi, kanema amene mukuonera si yemwe munaikira nthawi. Foni zambiri zimajambula mosakhazikika, mafulemu pa sekondi amakwera ndi kutsika, makamaka kuwala kukachepa ngati pansi pa tenti. Kanema wotere akadutsa m'pulogalamu yodulira amatha kutuluka atatalika kapena kufupika pang'ono. Mwachitsanzo, wa mafulemu 30 akamayendetsedwa pa 29.97, amatalika ndi gawo limodzi mwa magawo 1000. Pa mphindi yoyamba simungaone kanthu, pa mphindi 20 ndi masekondi 1.2, pa mphindi 40 afika 2.4. Mukapeza kuti cha kumapeto n'chowirikiza kawiri cha pakati, matenda ake ndi omwewa. Mankhwala ake ali pa `Synchronization` pomwepo, pa `Point sync`. Mumasonyeza pulogalamu pamene mzere woyamba uyenera kugwera ndi pamene womaliza uyenera kugwera, iyo n'kutambasula ya pakati yonse. Muchite chimodzimodzi ku fayilo yachiwiri. Ulendo wina, yambani mwamaliza kudula kanema, mumupititse m'pulogalamu ya HandBrake mutasankha `Constant Framerate`, ndipo nthawi muziikira pa kanema womalizayo.

Za Malaŵi n'zosavuta. Ngati mukuona `MalaÅµi`, fayilo ili bwino koma chosewerera chikuiwerenga ndi kalembedwe kolakwika, ndiye mu VLC musankhe `UTF-8` pa makonzedwe a mawu apansi. Ngati mukuona chizindikiro cha funso kapena w wopanda kadenga, fayiloyo inasungidwa ngati `ANSI` ndipo chilembocho chinatayika. Muchilembenso, n'kusunga ngati `UTF-8`.

Kutumiza ndiye kumene kungakupusitseni. Pa YouTube mafayilo awiriwa mumawakweza padera ndipo woonera amasankha yekha chilankhulo. Pa WhatsApp abale akangodina kanema mawu apansi sabwera, chifukwa fayilo ya `.srt` imakhala payokha. Pamenepo mawuwo ayenera kuwotcheredwa m'chithunzi momwemo, ndipo mutulutsa makanema awiri polemba malamulo awa a pulogalamu ya ffmpeg:

```
ffmpeg -i chiliza.mp4 -vf subtitles=chiliza.ny.srt -c:a copy dedza.mp4
ffmpeg -i chiliza.mp4 -vf subtitles=chiliza.en.srt -c:a copy harare.mp4
```

Mawu owotcheredwa safufutika, choncho musanayambe, tengani fayilo ya Chichewayo mukawaonetse amalume eni ake. Pa laputopu yakale kanema wa mphindi 40 amatenga nthawi kuti apse, ndiye muyambe magetsi akangobwera. Ndipo wa ku Dedza mumudule m'zigawo za mphindi zisanu kapena khumi mutawotchera kale mawu, kuti bandulo ya azakhali isathere pa pemphero lotsegulira.