Zigayo ziwiri, zaka zosiyana: NPV yayikulu ingakunamize

Alangizi,
Ndimakhala ku Nkhotakota, pafupi ndi sikimu ya mpunga ya Bua, ndipo ndikuphunzira akawunti. Phunziro la zachuma ndalephera kawiri. Chimene chimandigwetsa ndi funso la mapulojekiti awiri oti usankhepo imodzi koma zaka zake n'zosiyana. Ine ndimasankha ya NPV yayikulu, ndiko kuti phindu lonse la pulojekiti pa mtengo wa lero titachotsa ndalama zoyambira, koma aphunzitsi amati ndalakwa, ndimayenera kugwiritsa ntchito EAA, yomwe imaonetsa phindulo pa chaka chilichonse. Abambo akuti ndikalepheranso ndalama zawo zathera pomwepo, ndizikawathandiza pa chigayo chimene akufuna kugula. Ndikuganiza zongosiya mayeso a ICAM, bungwe la akawunti la kuno ku Malawi, n'kuyamba a ACCA, bungwe la ku Britain, mwina kumeneko n'kosavuta. Ndithandizeni.
Wodandaula, Nkhotakota

Wodandaula,

Za ACCA zija zichotse kaye m'mutu. Funso lomwelo likukudikira kumeneko, m'pepala lawo la kasamalidwe ka chuma, ndipo malipiro ake ndi a mapaundi. Makalata onga yakoyi ndimalandira nthawi iliyonse zotsatira zikatuluka, ndipo amanditopetsa, chifukwa mwana amafuna kusintha sukulu yonse pothawa mutu woti angaumvetse madzulo amodzi. Tiyeni titenge chigayo cha abambo akocho, chikhale funso lathu.

Tiyerekeze kuti nyumba ya chigayo ndi imodzi, choncho mulowa makina amodzi basi. Oyamba ndi otchipa, a K6,000,000, ndipo atha pa zaka 3. Achiwiri ndi olimba, a K10,000,000, akhala zaka 6. Onse awiri, mutachotsa magetsi, antchito ndi zokonzetsa, amasiya K3,500,000 pa chaka. Ndalama zogulira zimadya chiwongoladzanja cha 20 peresenti. Manambalawa ndi ongophunzirirapo, si mitengo ya m'sitolo.

NPV umaidziwa kale. M'tebulo la anyuwite, lobwezera ku lero ndalama zolowa mofanana chaka chilichonse, pa 20 peresenti pa chaka, zaka 3 zili ndi 2.106 ndipo zaka 6 zili ndi 3.326. Makina otchipa: K3,500,000 kuchulukitsa ndi 2.106 ndi K7,371,000, tichotsepo K6,000,000, patsala K1,371,000. Makina olimba: K3,500,000 kuchulukitsa ndi 3.326 ndi K11,641,000, tichotsepo K10,000,000, patsala K1,641,000. Apa ndiye pamene iwe umaika cholembera pansi n'kunena kuti olimba apambana.

Koma dzifunse: makina otchipa aja akatha m'chaka chachitatu, nyumbayo ikhala yotseka? Alimi a ku Bua asiya kubweretsa mpunga woti apunthitse? Ayi. Abambo ako agula ena, ndipo enawo abweretsanso phindu lawo kwa zaka zina 3. Wayerekeza phindu la zaka 3 ndi la zaka 6 ngati ndi zofanana, monga munthu woyerekeza malipiro a mwezi umodzi ndi a miyezi iwiri n'kunena kuti wa miyezi iwiriyo amalandira bwino.

EAA imangofunsa kuti: NPV imeneyi tikaimwaza mofanana pa zaka zonse za makinawo, poganizira chiwongoladzanja, ikhala zingati pa chaka?

```
EAA = NPV / AF
AF = (1 - (1 + r)^-n) / r
```

AF ndi nambala ya m'tebulo yomwe ija, r ndi chiwongoladzanja, n ndi zaka za makinawo. Otchipa: K1,371,000 kugawa ndi 2.106, tipeza pafupifupi K651,000 pa chaka. Olimba: K1,641,000 kugawa ndi 3.326, tipeza pafupifupi K493,000 pa chaka. Zatembenuka. Otchipa ndiwo ali patsogolo. Pa kompyuta, mu Excel, ungalembe `=PMT(20%,3,-1371000)` ndipo yankho lidzasiyana pang'ono chabe chifukwa tebulo limadula manambala.

Usandikhulupirire chabe, tsimikiza wekha. Gula makina otchipa kawiri kuti zaka zikwane 6. Oyamba apereka K1,371,000 lero. Achiwiri aperekanso K1,371,000, koma ndalama imeneyo yaima pa mapeto a chaka chachitatu, choncho uibweze ku lero poichulukitsa ndi 0.579, mtengo wa lero wa kwacha imodzi ya m'chaka chachitatu pa 20 peresenti, ikhala pafupifupi K794,000. Zonse pamodzi ndi K2,165,000, kuposa K1,641,000 ya makina olimba. Tsono chulukitsa K651,000 ija ndi 3.326: ubwerera pa K2,165,000 yomweyo. Njira ziwirizi ndi imodzi. Kungoti zaka zikakhala 5 ndi 7 ukanafunika kubwereza mpaka zaka 35, ndipo m'chipinda cha mayeso nthawi imeneyo palibe.

Ophunzira ambiri amagwa pa zinthu ziwiri. Ena amagawa NPV ndi zaka, 3 kapena 6, ngati akugawana nsomba padoko. Kutero n'kuiwala kuti kwacha ya chaka chachisanu ndi chimodzi ndi yopepuka kuposa ya lero, ndipo kumapondereza makina okhalitsa koposa muyeso. Ena amatenga nambala imodzi ya m'tebulo n'kugawira mapulojekiti onse awiri, ndiye kuti sanasinthe kanthu, wa NPV yayikulu apambanabe. Pulojekiti iliyonse igawidwe ndi nambala ya zaka zake. Ndipo funso likangopereka zowononga zokha popanda zolowa, masamu ndi omwewo, koma usankhe yotsika.

Chimene ndikufuna kuti uchigwire kwambiri, poti ndi pamene pali malikisi amene anzako amawasiya, ndi malire a njirayi. EAA imaganiza kuti makina akatha mudzagula ena onga omwewo, pa mtengo womwewo, n'kumapeza phindu lomwelo, mobwerezabwereza. Kuno kwathu limenelo ndi lonjezo lalikulu. Makinawa amachokera kunja, ndipo mu Novembala 2023 kwacha inagwa ndi 44 peresenti tsiku limodzi. Tawerengera: makina otchipa ali patsogolo ndi K524,000 ya lero, ndiko kuti K2,165,000 kuchotsa K1,641,000. Tikaigawa ndi 0.579, ndi pafupifupi K905,000 ya m'chaka chachitatu. Choncho makina otchipa ogula kachiwiriwo akadzangopitirira K6,905,000, mtengo wopunthitsira mpunga usanakwere nawo, olimba aja ndiwo apambana. Kukwera kongopitirira pang'ono 15 peresenti n'kokwanira kusintha yankho.

Chiwongoladzanja nachonso chimasintha zinthu. Bwereza masamu onsewa pa 10 peresenti, pamene tebulo lili ndi 2.487 ndi 4.355. Upeza otchipa ali pa K1,087,000 ndipo olimba ali pa K1,204,000 pa chaka. Ndalama ikakhala yotchipa kubwereka, kulipira zambiri lero kuti upume zaka 6 kumapindulitsa. Ndipo ngati nyumba ya chigayoyo ndi ya lendi ndipo mwini wake adzaifuna osapatsanso mwayi wogula makina ena, kubwereza kulibe, EAA isiye, uyerekeze NPV ya zaka zimene mudzagwiredi ntchito. Wolemba mayeso akakufunsa kuti uperekepo maganizo, akufuna ziganizo ngati zimenezi, zokhudza funso limene wakupatsalo.

Kwa inu bambo, ngati mwanayu akuwerengerani kalatayi: ndalama za mayeso n'zowawa, ndikudziwa. Koma kumuopseza ndi chigayo ngati chilango n'kumene kukumuchititsa kuloweza matebulo mwamantha m'malo momvetsa. Mupatseni makoteshoni enieni a makina amene mukuwaganizira, mumuuze matumba amene mukuyembekeza kupuntha nthawi yokolola ndi nthawi ya dzinja, akuwerengereni musanatulutse ndalama.

Iweyo sindikukulonjeza kuti ukhoza, poti mutu umodzi si pepala lonse, ndipo kulephera kawiri kumasonyeza kuti palinso mitu ina imene ukuilumpha. Komabe NPV ukuitha, ndipo gawo lovuta ndi limenelo. Sabata ino tenga mafunso akale asanu a mutuwu, lililonse uliwerenge ndi EAA kenaka ulitsimikize pobwereza makinawo mpaka zaka zifanane. Mayankho awiriwo akasemphana, yamba wayang'ana ngati unatenga nambala ya m'tebulo ya zaka zoyenera.