Tsokonombwe ndi ana a Fomu 4

"Andipempha kukalimbikitsa ophunzira a Fomu 4 omwe atsala ndi masabata 6 kuti alembe MSCE. Ndikufuna kuyamba ndi mwambi kapena mawu a munthu wotchuka. Ndisankhe bwanji kuti zisamveke zongomatirira?"

Achimwene, musanasake mwambi, yambani mwalemba uthenga wanu m'chiganizo chimodzi. Kwa ana amenewa ndingalembe kuti: amene watsalira m'mbuyo asataye mtima, koma aziwerenga mutu umodzi tsiku lililonse. Mukatero miyambi yambiri igwa yokha. "Kuona maso a nkhono n'kudekha" ndi wokoma, koma ukuuza mwana yemwe nthawi yamuthera kuti adikire. "Mutu umodzi susenza denga" ungayenere ngati nkhani yanu ndi yowerengera m'magulu, ndipo si imeneyo. Wotsala ndi uwu: "Tsokonombwe anatha mtunda n'kudumpha."

Mukaimirira ndi kupereka ulemu kwa a hedi ndi aphunzitsi mwachidule, unenetu mwambiwo mosathamanga, kenako mukhale chete pang'ono. Ngati ndi wodziwika kwanuko, nenani theka loyamba lokha, anawo amalize okha, chifukwa mawu amene munthu watulutsa pakamwa pake sawakana msanga. Musaumasulire ngati muli m'kalasi la Chichewa. Tolani liwu limodzi la m'mwambimo, lomwe pano ndi kudumpha, muwoloke nalo m'ziganizo zosapitirira zitatu: "Tsokonombwe sathamanga ngati kalulu, ndipo akadumpha kamodzi safika patali. Inu mwatsala ndi masiku 42, ndipo ena mwa inu mukayang'ana buku la Masamu mukuona mtunda wosatheka. Lero ndabwera kuti tikambirane za kudumpha kwa tsiku limodzi, komwe kukachitika ka 42 ndi mitu 42." Apa mwalowa kale mu uthenga, ndipo palibe amene waona msoko. Liwu lomwelo mulitchulenso pakati pa nkhani ndi pomaliza, kuti mwambi usasanduke mlendo wongopereka moni n'kuchoka.

Pali njira yodziyesera kunyumba. Chotsani mwambiwo muikepo wina uliwonse, ndipo ngati zotsatira zake zikumvekabe bwino osasintha kanthu, ndiye kuti unali wongomatirira. Chizindikiro china n'chakuti mukufuna kunena kuti "tsopano tibwere ku nkhani yathu," zomwe zikuulula kuti poyambapo simunali pa nkhaniyo.

Za mawu a anthu otchuka, ine ndimachita nawo mantha. Ndinaonapo mlendo wolemekezeka pa sukulu ina akuwerenga papepala mawu a mizere isanu m'Chingerezi, nawamasulira, nafotokozanso mbiri ya mwini wake, ndipo pomwe ankamaliza, ana a kumbuyo anali atayamba kunong'onezana. Mukawafunabe, akhale aafupi oti muwanene ndi mpweya umodzi osayang'ana pepala, ndipo mutsimikize kuti mwini wake anawanenadi, chifukwa ambiri oyenda pa WhatsApp ndi chithunzi cha Nelson Mandela ndi ongomunamizira, ndipo aphunzitsi omwe adzakhale patsogolopo sachedwa kuzindikira.