Andiimbira kuti ndi a HMRC, akuti andimanga lero ndikapanda kulipira

"Abale a m'gulu muno, ndithandizeni. Ndinafika kuno ku Mangalande chaka chatha, ndimasamalira okalamba. Mmawa uno wina wandiimbira kuti ndi wa ku HMRC, bungwe la boma lotolera msonkho, akuti ndinazemba msonkho wa mapaundi 1,900 ndipo ndikapanda kulipira lero apolisi abwera, viza yanga ithera pomwepo. Nambala yomwe yaoneka pa foni ndi ya HMRC yeniyeni. Ndamuuza adiresi yanga ndi nambala ya National Insurance koma ndalama sindinatumize. Akuti aimbanso madzulo. Ndilipire?"

Ayi achemwali, musalipire ngakhale khobidi limodzi, ndipo madzulowo akaimba musayankhe. Amenewo ndi akuba. Palibe wapolisi amene akubwera kwanu, viza yanunso ili bwinobwino.

Ndikudziwa kuti chomwe chakugwetsani mphwayi ndi nambalayo. Nambala yooneka pa foni si umboni wa komwe munthu akuimbira. Akubawa amaimbira pa intaneti, ndipo makina awo amawalola kusankha nambala yoti ioneke kwa inu, kaya ya HMRC, ya banki yanu kapena ya polisi ya m'dera lanu. Ena amafika pokuuzani kuti, "Tayang'anani pa webusaiti ya boma ya GOV.UK muone ngati nambalayi si yathu." Mukayang'ana mupezadi kuti ikufanana, mtima n'kugonja. Nambala imatsimikizira kanthu pokhapokha mukaiimba nokha, mutadula kaye foni yawoyo.

Tsopano ndikufotokozereni momwe ngongole yeniyeni ya msonkho imayendera kwa munthu wolembedwa ntchito ngati inu, chifukwa mukadziwa zimenezi bodza lawo lionekera lokha. Msonkho wanu amadula ndi abwana anu malipiro asanakupezeni, m'njira yotchedwa PAYE. Chaka cha msonkho chimayamba pa 6 Epulo n'kutha pa 5 Epulo chaka chinacho, ndipo mapaundi 12,570 oyamba sadulidwa msonkho. N'chifukwa chake pa pepala la malipiro la anthu ambiri pamalembedwa kodi ya msonkho ya 1257L, chizindikiro chouza abwana ndalama zomwe siziyenera kudulidwa msonkho. Zimachitikadi kuti munthu adulidwe msonkho wochepa, makamaka ife ogwira ntchito ziwiri. Tiyerekeze kuti ntchito yanu yaikulu yadya kale mapaundi 12,570 aja, ndiye pa ntchito yachiwiri ya Loweruka mwapeza mapaundi 4,000 pa chaka, koma kumeneko sanakuduleni kalikonse chifukwa cha kusokonekera kwa kodi. Pa mapaundi 100 alionse amayenera kudula 20, choncho muli ndi ngongole ya mapaundi 800.

Zikatero a HMRC amatani? Chaka chikatha amakutumizirani kalata yotchedwa P800 yosonyeza mawerengedwe onse. Ngongole ikakhala yosafika mapaundi 3,000 ndipo mukadali pa ntchito, nthawi zambiri amangosintha kodi yanu n'kumadula pang'onopang'ono chaka chotsatira. Pa mapaundi 800 aja ndiye kuti pafupifupi mapaundi 67 pa mwezi. Pena amatumiza kalata ina yotchedwa Simple Assessment, yokhala ndi tsiku lomaliza kulipira lomwe limakupatsani miyezi, ndipo muli ndi ufulu wotsutsa ngati mukuona kuti alakwitsa. Wosakwanitsa kulipira zonse amakambirana nawo zolipira mwezi ndi mwezi. Ndiye taonani: ngakhale mapaundi 1,900 akunenedwawo akanakhala oona, akanayenda m'njira yomweyi ya makalata. Kudulidwa msonkho wochepa chifukwa cha kodi yolakwika si mlandu womangitsa munthu.

Ndisakunamizeni kuti a HMRC saimba foni konse. Amaimba nthawi zina, makamaka kwa amene ali ndi ngongole yomwe analemberedwa kale makalata. Chomwe sachita ndi kuopseza kuti akumangani lero, kusiya uthenga wa makina woti dinani 1 kuti mupewe kumangidwa, kapena kukukanizani kudula foni. Apolisinso salandira chindapusa pa foni kuti munthu asamangidwe. Za viza amaona ndi a Home Office, ndipo wa msonkho sangaithetse ali pa foni. Akubawa amaitchula dala chifukwa amadziwa kuti mlendo amaopa kubwezedwa kwawo kuposa china chilichonse, komanso kuti kunyumba kuli anthu odalira ndalama zomwe timatumiza. Zimenezi zimandipweteka mtima kwambiri, chifukwa amasankha anthu amene avutikira kale ulendo wawo.

Mukanapitiriza nawo, chotsatira chikanakhala chotere. Woyambayo amakulumikizani ndi mnzake wodzitcha wapolisi kapena wa kukhoti, amene amakupatsani nambala ya mlandu yopeka, mwinanso kalata yokhala ndi chidindo pa WhatsApp. Kenako amakuuzani njira yolipirira: kukagula makadi a Apple kapena Amazon n'kuwawerengera manambala akumbuyo, kapena kutumiza ndalama ku akaunti ya dzina la munthu wamba. Amakulangizani kuti a banki akafunsa munene kuti mukutumizira m'bale wanu, ndipo musauze aliyense chifukwa nkhaniyi ndi yachinsinsi. Boma silingakuphunzitseni kunamiza banki yanu. Mukalipira koyamba amabweranso ndi zina, akuti za loya, akuti zofufutira mlandu, mpaka akaunti itauma.

Kuti mtima ukhale pansi, fufuzani nokha lero lomwe. Lembani gov.uk ndi dzanja lanu, osadina ulalo uliwonse womwe akutumizirani, mulowe mu akaunti yanu ya msonkho kapena mu apu ya HMRC. M'menemo muona kodi yanu ndi ngongole ngati ilipo. Mukafuna kulankhula ndi munthu, nambala ya msonkho wa malipiro ndi 0300 200 3300. Ngati anakuimbirani pa foni ya m'nyumba, imbani ndi foni ina, chifukwa nthawi zina wakubayo amakhala sanadule mbali yake. Nambala yawo, tsiku ndi zomwe ananena mulembe pa fomu ya HMRC yonenera mafoni okayikitsa yomwe ili pa gov.uk, ndipo akakutumizirani uthenga wa pa foni muupititse ku 7726, n'kwaulere.

Za adiresi ndi nambala ya National Insurance zija musadzizunze nazo. Zokhazo sizingatsegule akaunti yanu ya ku banki. Vuto lake ndi loti adzazigwiritsa ntchito pofuna kuti muwakhulupirire ulendo wina. Angaimbe sabata yamawa ngati a banki, kukutchulani dzina ndi adiresi, n'kunena kuti ndalama zanu zili pachiwopsezo, muzisamutsire ku akaunti yotetezeka. Mudule, muimbe 159, nambala yomwe imakulumikizani ndi mabanki ambiri a kuno, kapena nambala ya kumbuyo kwa khadi lanu. Muziyang'ananso makalata obwera pakhomo, kuopa kuti wina angatenge ngongole m'dzina lanu.

Kwa ena a m'gulu muno amene munatumiza kale n'kukhala chete ndi manyazi: imbirani banki yanu pompano, chifukwa ndalama zoterezi amazisamutsa msangamsanga. Kuyambira pa 7 Okutobala 2024, malamulo a kuno amakakamiza mabanki kubweza ndalama kwa munthu amene wanamizidwa kuti atumize yekha ku akaunti ina ya m'dziko lomwe lino, mpaka mapaundi 85,000, ngakhale banki itha kuchotsapo osapitirira mapaundi 100. Dandaulo lifike isanathe miyezi 13, ndipo muwauze zonse monga zinachitikira, kuphatikizapo bodza lomwe anakuuzani kuti munene. Lamuloli silikhudza makadi ogula m'sitolo, ndalama zopereka pamanja kapena zotumizidwa kunja kwa dziko. Ngati munagula makadi, sungani makadiwo ndi malisiti, muuze kampani yake mwachangu, kenako mukanene kupolisi poimba 101.